Asiye Fizikisi ndi Kemisitile kuti apeze mapointi ochepa? Yankho kwa achemwali a ku Bangula

Funso: Aphunzitsi, ine ndimagulitsa nsomba pa Bangula ndipo ndine amene ndimalipirira fizi mng'ono wanga wamkazi. Wakhoza JCE, akulowa fomu 3 pa CDSS ya kwathu kuno. Kusukulu awauza kuti asankhe maphunziro. Iye amafunitsitsa unesi kuyambira ali wamng'ono koma anzake amuuza kuti asiye Fizikisi ndi Kemisitile chifukwa ndi zovuta komanso pasukulupo palibe labu, akuti bola atenge Histole ndi Baibulo kuti adzapeze mapointi ochepa asankhidwe ku yunivesite. Masamu sakhoza kwenikweni koma Bayoloje amakhoza bwino. Ine sukulu ndinalekera fomu 1, zimenezi sindikuzitsata. Ndimuuze chani?

Achemwali, muuzeni asasiye. Ndayamba ndi pomwepo kuti ngakhale data ikuthereni musanafike kumapeto mukhale mutamva chachikulucho. Ngati mtima wake uli pa unesi, Fizikisi ndi Kemisitile asazitaye, ndipo Masamu amene mukuti sakhozawo ndi amene akufunika kuwagwira mwamphamvu kuyambira teremu ino. Tsopano ndifotokoze chifukwa chake, poti mwana wa fomu 3 simungangomulamula, akufunika amve yekha mpaka akhutire.

Ine ndaphunzitsa zaka zambiri kuchigwa kuno, Chikwawa ndi Nsanje komwe, ndipo ntchito yolangiza ana posankha maphunziro inkagwera ine pafupifupi sukulu iliyonse yomwe ndinakhalako. Nkhani ya mapointiyi ndi imene yapweteketsa ana ambiri kuposa china chilichonse, ndipo chowawa n'chakuti ana ake amakhala anzeru ndithu, olimbikira, kungoti anamvera malangizo a theka.

Anzakewo sakunama zonse ayi. Pa MSCE phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndiye kulephera. Mapointi amene anthu amatchula aja, akuti uje wapeza 12, uje wapeza 25, amawapeza pophatikiza manambala a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino kwambiri, ndiye nambala ikachepa ndiye kuti wakhoza kwambiri, mwana woopsa zedi amapeza 6. Kuti munthu aganiziridwe n'komwe ku mayunivesite a boma amafunika makirediti asanu ndi limodzi, ndipo limodzi mwa amenewo likhale la Chingerezi. Mpaka apa anzakewo akulondola, mapointi ochepa ndi abwino.

Pomwe akuphonya ndi apa. Yunivesite sisankha munthu kuti bwera udzaphunzire chilichonse, imasankhira kosi inayake, ndipo kosi iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna kuti ukhale nawo ndi kirediti. Amayamba ayang'ana kaye ngati maphunziro amenewo alipo pa satifiketi yako, akakhala palibe fomu yako imaikidwa pambali, mapointi aja saawerenga n'komwe. Zili ngati pa msika panu paja, munthu atabwera ndi ndalama zambiri za ku Mozambique, mametikashi odzaza thumba, koma inu mukugulitsa m'makwacha. Ndalama ali nazo inde, koma si zimene zikugula pamenepo. Unesi, udokotala, za mankhwala, za labu ya kuchipatala, zonsezi zimagulidwa ndi maphunziro asanu: Chingerezi, Masamu, Bayoloje, Fizikisi ndi Kemisitile. Kale Fizikisi ndi Kemisitile zinali phunziro limodzi lomwe tinkalitcha Fizo, ndiye akuluakulu ena akamalangiza ana amaganizabe zakalezo, koma silabasi ya pano inazigawa pawiri, ndipo mwana wofuna za chipatala ndi bwino atenge zonse ziwiri osati kusankhapo imodzi.

Ndikupatseni chitsanzo cha atsikana awiri omwe ndinawaphunzitsa kalasi imodzi, mayina ndi sukulu sinditchula. Onse ankafuna unesi ngati mng'ono wanuyu.

Woyamba anasiya masayansi awiri aja atangolowa fomu 3, anangotsala ndi Bayoloje. Zotsatira zitatuluka anapeza 1 mu Chichewa, 2 mu Baibulo, 2 mu Histole, 2 mu Soshozi, 3 mu Chingerezi, 3 mu Zaulimi, 4 mu Bayoloje ndi 7 mu Masamu. Mukaphatikiza asanu ndi limodzi abwinowo, 1 ndi 2 ndi 2 ndi 2 ndi 3 ndi 3, mupeza 13. Mudzi wonse unamva kuti mwana wa uje wamenya 13 pointi, kunali nthungululu, mbuzi inafa. Wachiwiri anapeza 2 mu Zaulimi, 3 mu Bayoloje, 3 mu Jogalafe, 4 mu Chingerezi, 4 mu Masamu, 4 mu Kemisitile, 5 mu Fizikisi ndi 5 mu Chichewa. Asanu ndi limodzi abwinowo akupereka 20. Palibe anamuimbira nthungululu, ena ankachita kumumvera chisoni kuti mnzake wamusiya kutali.

Itafika nthawi yolemba mafomu, wa 13 uja anabwera kunyumba kwanga ndi chikalata cholengeza malo, tinakhala pakhonde kuwerenga kosi imodzi imodzi. Unesi ku yunivesite ya KUHeS, ayi, Fizikisi ndi Kemisitile palibe. Unesi ku Mzuni, chimodzimodzi. Tinati tiyese makoleji a mishoni a dipuloma, nakonso akufuna masayansi omwewo. Tinapita ku makosi a zaulimi ku LUANAR poti Zaulimi anakhoza bwino, 7 wa Masamu uja anatitsekera. Za bizinesi ndi maakaunti ku MUBAS, Masamu omwewo. Anatsala ndi makosi a mbali ya zilankhulo, mbiri, uphunzitsi wa maphunziro amenewo ndi ena otero, omwe si oipa ayi, ndi makosi abwino kwa amene amawakonda, koma iye sizimene ankafuna, komanso kumeneko ndi kumene ana onse osiya sayansi dziko lonse amakathinana. Analira pakhonde panga tsiku limenelo ndipo ine sindinaiwale, chifukwa nthawi yomwe ankasiya maphunziro aja ndinali pasukulu pomwepo, ndinangomufunsa kamodzi kuti watsimikiza, iye nati eya, ine n'kusiya. Ndinalakwitsa. Ndikanakhala naye pansi ndi chikalata chomwe chija zaka ziwiri m'mbuyo.

Wa 20 uja digiri ya unesi sanaipeze, ndisakunamizeni, kumeneko mpikisano ndi woopsa ndipo amatenga amene masayansi awo ali ndi ma 1, ma 2 ndi ma 3. Koma makirediti asanu aja anali nawo onse, ndiye analembera ku koleji ya mishoni, anamuitana ku intavyu, anachita dipuloma ya unesi ndi uzamba ya zaka zitatu, pano akugwira ntchito. Ndipo munthu wa dipuloma akagwira ntchito zaka zingapo amatha kukawonjezera n'kupeza digiri, njira imeneyo ilipo ndipo manesi ambiri adutsa momwemo.

Ndiye mukaona, funso loti amufunse mng'ono wanu si lakuti ndi maphunziro ati osavuta. Ayambire kumapeto n'kumabwerera m'mbuyo: ntchito ndi iti, ntchitoyo amaphunzira kuti, kumeneko amafuna maphunziro ati. Chaka chilichonse bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE limatulutsa chikalata cha malo a m'mayunivesite a boma asanu ndi limodzi, UNIMA ya ku Zomba, MUBAS ya ku Blantyre yomwe tinkaitcha Poly, KUHeS yomwe inaphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, LUANAR ya ku Bunda, Mzuni ndi MUST ya ku Thyolo. M'chikalatamo kosi iliyonse analemba pambali pake maphunziro ofunika. Ana ambiri amachiona koyamba atalemba kale fomu 4, pomwe chimafunika kuwerengedwa pano, mwana asanasankhe. Apemphe ahedi kapena aphunzitsi omwe amathandiza a fomu 4 kulemba mafomu, ambiri amakhala nacho pafoni, cha chaka chatha chikwanira kumupatsa chithunzi ngakhale zina zimasinthako chaka ndi chaka. Safunsa anadya phula, apite akafunse basi, asachite manyazi.

Tsopano nkhani ya labu, chifukwa imeneyo ndi yeniyeni, sindingaichepetse. Fizikisi, Kemisitile ndi Bayoloje zili ndi pepala la pulakitiko pa MSCE, ndipo mwana amene sanagwirepo byureti kapena kulumikiza mawaya ndi mabatire amanjenjemera tsiku la mayeso, ndawaonapo ana akutaya asidi patebulo chifukwa cha mantha okha. Koma taonani, Bayoloje amene akukhozayo nayenso ali ndi pulakitiko, Zaulimi chimodzimodzi, ndiye kuthawa labu sikutheka ngakhale atasiya ziwirizo. Chachiwiri, mapepala olemba ndi amene amatenga gawo lalikulu la phunziro, ndipo ngakhale mu pulakitiko momwemo malikisi ambiri ali pa kuwerenga sikelo molondola, kulemba zotsatira mu tebulo ndi mayuniti ake, kujambula girafu yabwino ndi pensulo yosongoka ndi kufotokoza zomwe waona. Zimenezi zimaphunzirika pansi pa mtengo ndi rula ndi pepala la girafu. Sukulu zambiri zopanda chipinda cha labu zimakhala ndi kabokosi ka zipangizo mu ofesi ya ahedi, ndipo aphunzitsi akhama amagwirizana ndi sekondale yoyandikana nayo yomwe ili ndi labu n'kupita ndi ana Loweruka kangapo mayeso asanafike.

Chomwe ndingaope ine kwambiri ndi kusowa mphunzitsi, osati kusowa labu. Pamenepa mupite nokha kusukuluko, inu ndi amene mumalipira fizi, muli ndi ufulu wofunsa. Mukafunse ahedi mwaulemu zinthu izi: kodi Fizikisi ndi Kemisitile za fomu 3 ndi 4 aziphunzitsa ndani, ndipo ndi mphunzitsi amene anaphunzira zimenezo kapena wongogwirizira? Chaka chathachi analemba ana angati maphunziro amenewa ndipo angati anapeza kirediti? Pulakitiko amakachitira kuti? Mukamva kuti analemba ana khumi ndi awiri ndipo atatu kapena anayi anapeza kirediti, dziwani kuti pasukulupo zimatheka, mng'ono wanu akhoza kukhala m'gulu la atatuwo. Koma mukamva kuti Kemisitile sakuphunzitsa n'komwe chifukwa mphunzitsi anasamutsidwa ndipo sanabwere wina, kapena zaka zitatu zotsatizana palibe anapezapo kirediti, pamenepo muyambe kuganiza za transifa kupita ku sukulu ina yomwe ikuphunzitsa, kapena kumupezera mphunzitsi wa sukulu yoyandikana woti azimuthandiza masana. Ndikudziwa kuti ndi ndalama, ndipo ndalama ya nsomba imabwera movutikira. Koma transifa ya mu teremu yoyamba ya fomu 3 ndi yotsika mtengo kuyerekeza ndi kudzabwereza fomu 4, kapena kudzayamba Kemisitile kuchokera pa ziro munthu atamaliza kale sukulu. Ndaona ana akuyesa kuphunzira silabasi ya zaka ziwiri m'miyezi isanu ndi itatu ngati ekisiteno, ochepa kwambiri amakwanitsa.

Tibwere ku Masamu. Mwati sakhoza kwenikweni, ndipo mawu amenewa amabisa zinthu ziwiri zosiyana zomwe muyenera kuzisiyanitsa musanapange chiganizo.

Kuchigwa kuno ana ambiri amene amati sadziwa Masamu vuto lawo ndi mabowo. Teremu yachiwiri imagwera nthawi ya madzi, Januwale mpaka Malichi, sukulu zimasanduka makampu a anthu othawa madzi, ena a kutsidya kwa Shire amatha masabata osawoloka, mabuku amanyowa. Tinaziona mu 2015, tinazionanso ndi namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Ana amene ali ku sekondale pano ambiri zimenezi zinawapeza ali kumapeto kwa pulayimale kapena poyambira sekondale, nthawi yomwe amaphunzira mafulakishoni, madesimo, maresho ndi manambala okhala ndi mainasi. Histole ukaphonya mutu umodzi umangopitiriza wotsatira, koma Masamu ali ngati khoma la njerwa, mzere wapansi ukasowa zonse zapamwamba zimapendama. Ndiye mwana amafika fomu 2 akulephera aljebura, aliyense n'kumati mutu wake si wa Masamu, chonsecho vuto ndi mafulakishoni a sitandade 6.

Mungamuyese nokha kunyumba, sizifuna kuti mukhale munafika fomu 4. Mufunseni chonchi: dokotala walemba kuti mwana amwe mankhwala okwana 250 mg, pabotolo palembedwa kuti mu 5 ml muli 125 mg, umupatsa ma ml angati? Yankho ndi 10 ml, chifukwa 250 ndi 125 kawiri. Kenako: diripi ya 1000 ml ikuyenera kutha m'maola 8, pa ola limodzi pazilowa zingati? Yankho ndi 125 ml. Kenako mumufunse za bizinesi yanu yomwe, mwapikula nsomba za K40,000, mwagulitsa zonse K52,000, phindu ndi maperesenti angati? Phindu ndi K12,000, ndipo 12 pa 40 ndi 30 peresenti. Amenewa ndi Masamu enieni amene nesi amachita tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake makoleji amaumirira kirediti ya Masamu, nesi akaphonya desimo imodzi mwana wa eni amalandira mankhwala ochuluka kakhumi. Muone mmene akuchitira. Ngati akupeza mayankho, kapena akuphonya koma mukamufotokozera kamodzi akugwira n'kuchita yekha funso lina lofanana nalo, mutu uli bwino, ndi mabowo chabe, ndipo mabowo amatsekeka. Apeze buku la fomu 1 ndi la fomu 2, asachite manyazi kubwerera m'mbuyo, tsiku lililonse masamu asanu kapena khumi, mamawa kusanatenthe chifukwa kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kuno masana palibe chimalowa m'mutu. Masamu sawerenga ngati nyuzi, amachita kulemba, cholembera m'manja. Teremu imodzi ya khama lotere imaonetsa kusintha.

Chifukwa china chogwirira Masamu msanga n'chakuti amakoka anzake. Kemisitile ya fomu 3 ili ndi mutu wa mamolo, umene ana ambiri amagwera, koma mukauyang'anitsitsa ndi maresho omwe aja a botolo la mankhwala. Fizikisi nayo theka lake ndi kusintha fomyula kuti upeze chomwe chikusowa. Mwana akakonza Masamu amapeza kuti ziwiri zija zafewa zokha.

Koma ndinene mbali inayo, poti ndikapanda kutero ndikhala ndakunamizani. Alipo ana amene ayesetsa ndithu, mphunzitsi alipo, buku lilipo, khama lilipo, koma teremu ndi teremu Masamu ndi Fizikisi zikungokhala m'ma 20 ndi m'ma 30 pa 100. Mwana wotere kumukakamiza mpaka fomu 4 ndi kumuika pa ngozi yoti adzapeze ma 8 ndi ma 9 atatu n'kusowa makirediti asanu ndi limodzi aja, kutaya zonse. Ndiye chomwe ndimalangiza ine ndi ichi: atenge masayansi onse pano, chifukwa kusiya phunziro pambuyo n'kosavuta koma kulitola pambuyo n'kovuta zedi. Ayese fomu 3 yonse ndi mtima wonse. Kalembera wa mayeso a MANEB amachitika akalowa fomu 4, ndiye pakutha pa fomu 3 mudzakhale pansi atatu, inu, iye ndi mphunzitsi wake, ndi malipoti a materemu atatu patebulo. Musadzangoyang'ana nambala yomaliza, mudzaone komwe ikulowera. Mwana amene wachoka pa 32 kupita pa 41 kenako 50 akukwera, ameneyo kirediti adzaipeza. Amene wayenda 35, 30, 28 ngakhale akulimbikira, pamenepo mudzakambirane zosintha njira mosabisa, nthawi ikadalipo. Ndipo pa kalembera paja adzaonetsetse ndi maso ake kuti maphunziro omwe alembedwa pa dzina lake ndi olondola asanasaine, dzina ndi tsiku lobadwa zifanane ndi za pa chiphaso cha unzika, zolakwika zimachitika ndipo kuzikonza mochedwa ndi chintchito.

Pa maphunziro ena owonjezera pa asanu aja ndingonena mwachidule. Ana ambiri amalemba asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi. Asanu aja sapereka okha makirediti asanu ndi limodzi, ndiye pafunika ena awiri kapena atatu amene ali nawo chikhulupiriro. Ine ndingamusankhire Zaulimi, Jogalafe ndi Chichewa. Zaulimi zimagwirizana kwambiri ndi Bayoloje ndipo mwana wakulira kuno amene wadyetsapo mbuzi, waonapo thonje likupoperedwa, zambiri amazidziwa kale. Jogalafe imatsegula makomo ena. Kuunjika maphunziro khumi kuti aoneke wanzeru ayi, nthawi imagawikana n'kupezeka paliponse ali ndi 6 ndi 7. Ndipo Chingerezi asachitenge mopepuka poti aliyense amangoganiza za sayansi. 7 wa Chingerezi amatseka yunivesite ngakhale kwina konse kuli ma 1, ndipo 9 ndiye satifiketi yomwe palibe. Mabuku a litirecha aja awerenge enieniwo, osangodalira manotsi a mnzake.

Pali chinthu chinanso chomwe ndimafuna ana a kuno azimva. Ambiri amati unesi, uphunzitsi kapena upolisi chifukwa ndi ntchito zokhazo zomwe amaziona ndi maso m'mudzi. Sindikunena kuti mng'ono wanu sakudziwa chomwe akufuna, mwina ndi maitanidwe ake enieni. Koma mumufunse kuti chimamukoka n'chani, ndi yunifolomu yoyera ija kapena ntchito yake? Ngati pali nesi wodziwana naye pa chipatala chapafupi, kaya ku Kalemba, kaya ku Trinity ku Muona komwe kulinso koleji ya unesi, apite akacheze naye amuuze zoona zake za mashifiti a usiku, magazi, mayi wovutika pobereka pakati pa usiku ambulansi kulibe, komanso zoti masiku ano ena akamaliza kosi amakhala kaye pakhomo kudikira kuti boma lilembe anthu ntchito. Akamva zonsezo n'kunenabe kuti ndikufuna, ndiye kuti ndi zake.

Ubwino wa maphunziro asanu aja ndi woti ngakhale atasintha maganizo sataya kanthu. Ndi maphunziro omwewo akhoza kulembera za ukilinishani kapena za labu ku Malawi College of Health Sciences, za umoyo wa malo okhala anthu, uphunzitsi wa sayansi ku Domasi kapena ku Nalikule, ndipo aphunzitsi a sayansi ndi omwe akusowa m'ma CDSS athuwa. Ayang'anenso zomwe zikuchitika pakhomo pathu pompano. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yomwe ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsika chigwa chino idzafuna anthu odziwa za madzi, nthaka ndi mbewu kwa zaka zambiri, minda ya nzimbe ya ku Nchalo imalemba anthu a zaulimi ndi mainjiniya, ndipo LUANAR imaphunzitsa uinjiniya wa ulimi wothirira komanso za ziweto, zomwe kuno kwa ng'ombe ndi mbuzi n'zofunika. Ku MUST kuli makosi a zanyengo ndi a kasamalidwe ka ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo zimandipweteka kuti madzi akasefukira akatswiri ake amachokera kutali pomwe ana amene anakwerapo mumtengo kuthawa madzi ali konkuno. Onsewa amafuna Masamu ndi sayansi. Pomwe mwana wa masayansi akafuna kupita mbali ya zilankhulo kapena za chikhalidwe cha anthu, makomo ambiri kumeneko amamulandirabe bola Chingerezi chili bwino.

Za mtsogolo pang'ono, kuti mudzakhale mukudziwa ikadzafika nthawi. Pa fomu ya NCHE mwana amalemba makosi angapo motsatana, loyamba lomwe akulifunitsitsa kenako enawo. Cholakwika chomwe ndimachiona chaka ndi chaka ndi kudzaza mipata yonse ndi makosi olimbiranidwa okhaokha, udokotala, za mankhwala, unesi, uinjiniya, mwana wa 18 pointi, mapeto ake dzina osatuluka paliponse pomwe mnzake wa 22 amene anasankha mwanzeru watengedwa. China ndi kulemba kosi yomwe phunziro lake limodzi alibe, umenewo ndi mpata wotayidwa. Pamwamba aike chomwe amachilota, pakati zomwe magiredi ake akufikira bwinobwino, pansi kosi imodzi kapena ziwiri zomwe anthu salimbirana kwambiri koma iye angazikonde. Kale kunali kota yotengera maboma koma inathetsedwa mu 2020, ndiye asadalire zoti ndine wa ku Nsanje andiganizira. Makoleji a mishoni ndi Malawi College of Health Sciences amalengeza malo paokha, nthawi zawo, ndiye adzalembere uku ndi uku osadikira kaye zotsatira za yunivesite. Ndipo koleji iliyonse ya unesi musanalipire ngakhale tambala mudzafunse ngati ili yovomerezeka ndi khonsolo ya manesi ndi azamba, chifukwa popanda kulembetsedwa ndi khonsoloyo munthu saloledwa kugwira ntchito ya unesi, pepala limangokhala lokongoletsa khoma. Za fizi ya ku yunivesite kuli bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa, HESLGB, ndi ngongole yodzabweza akayamba ntchito, amalembera akasankhidwa, ndipo si onse olembera amene amapatsidwa, ndiye kambuzi kamodzi kapena tiwiri muyambiretu kusunga.

Sabata ino chitani ziwiri zokha. Pitani kwa ahedi ndi mafunso atatu aja, ndipo madzulo ake mukhale naye pamphasa mumufunse za botolo la mankhwala lija. Ngati analembetsa kale kuti wasiya Fizikisi ndi Kemisitile musadandaule, masabata oyambirira a fomu 3 aphunzitsi amalola kusintha, apite mawa lomwe akawauze kuti wabwerera, abwereke makope a anzake akopere zomwe waphonya. Mukadzamva mayankho a ahedi aja mundilemberenso, makamaka nkhani ya mphunzitsi wa Kemisitile, tidzaone limodzi ngati pakufunika transifa kapena ayi.